Mmene mungayankhire funso la mayeso lokhudza kadyetsedwe ka mwana wosakwana zaka ziwiri

Nthawi ina ndikuchonga mapepala a ophunzira za unamwino ndinapeza yankho la masamba awiri odzaza, lolembedwa ndi dzanja laukhondo. Munalibe bodza ngakhale limodzi. Analemba kuti mwana ayambe kuyamwa pasanathe ola limodzi chibadwire, ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, kenako ayambe zakudya zowonjezera uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Anatchula magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya. Koma malikisi amene ndinamupatsa anali ochepa, ndipo anabwera kudzandifunsa ali ndi misozi m'maso. Ndinamuuza kuti aike chala pa mzere umene ukunena za mwana wa m'funsolo. Anafufuza masamba onse awiri, osaupeza. Analemba za ana onse a padziko, n'kusiya mwana mmodzi yemwe anafunsidwa.

Funso la nkhani yongoyerekezera silifuna kudziwa ngati munaloweza malangizo. Wolemba funso amatenga kuti munawaloweza kale. Iye amabisa zinthu zingapo m'nkhanimo, ndipo malikisi amakhala pa zinthu zobisikazo. Tiyeni titenge funso limodzi la mtundu umenewu, tilitsate kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Mayi wabwera kusikelo pa 10 Disembala 2024 ndi mwana wamwamuna wobadwa pa 20 Malichi chaka chomwecho. Lero akulemera makilogalamu 7.0. M'buku la kusikelo mukuoneka kuti mu Seputembala, ali ndi miyezi 6, analemera 6.9, ndipo mwezi wotsatira analemera 7.0. Lamba wa pamkono wasonyeza masentimita 12.8, mapazi satupa. Mayi akuti mkaka wake unachepa. Amalawirira kumunda n'kusiya mwana ndi agogo ake, choncho mwana amayamwa kanayi kokha pa tsiku. Amamwa phala lamadzimadzi la ufa woyera kawiri pa tsiku, ndipo akalira agogo amamupatsa tiyi m'botolo. Masabata awiri apitawo anatsegula m'mimba koma anachira. Pakhomo pali mtedza, nkhuku zingapo, mtengo wa mango, ndipo nthawi zina amagula bonya. Funso ndi lakuti: unikani mwanayu, ndipo perekani uphungu kwa mayi.

Choyamba, werengani msinkhu ndi cholembera

Musalembe kanthu musanadziwe miyezi ya mwana, chifukwa malangizo onse amasintha ndi msinkhu. Ambiri amachotsera 3 pa 12 n'kupeza 9. Pamenepo agwa kale. Msinkhu wa mwana timawerenga miyezi yathunthu imene wakwanitsa. Anabadwa pa 20 Malichi, ndiye anakwanitsa miyezi 8 pa 20 Novembala, ndipo adzakwanitsa 9 pa 20 Disembala. Lero ali ndi miyezi 8 ndi masiku 20. Ali m'gulu la miyezi 6 mpaka 8, osati la 9 mpaka 11.

Wolemba funso sanasankhe masiku amenewa mwangozi. Masiku khumi amenewo akusintha mzere umene mungawerenge pa tchati cha kulemera, ndiponso kuchuluka kwa chakudya chimene mungamuweruze nacho. Lembani msinkhu poyera pa mzere woyamba wa yankho lanu, kuti wochonga aone kuti mwauwerenga.

Chachiwiri, kodi mwanayu ndi wolangizira kapena wothamanga naye?

Uphungu wa phala sungathandize mwana amene akufunika kugonekedwa. Choncho musanafike ku chakudya, onetsani kuti mwayang'ana zizindikiro zoopsa: kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kulefuka kapena kusadzuka. M'nkhani yathu mulibe chilichonse mwa izi. Mzere umodzi ukwanira, koma ulembedwe.

Kenako lamba wa pamkono, amene pa pepala mudzamuona atalembedwa kuti MUAC. Amagwira ntchito kwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Akasonyeza pansi pa masentimita 11.5, mwana wanyentchera kwambiri. Kuyambira 11.5 koma osafika 12.5 ndi kunyentchera kwapakatikati. Wathuyu ali pa 12.8, ndiye sali m'magulu awiriwa, ngakhale sali kutali ndi malire. Kutupikana timayeza podina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu kwa masekondi atatu. Pakatsala dzenje mapazi onse awiri, mwana ali m'gulu la onyentchera kwambiri ngakhale lamba atasonyeza zobiriwira. Funso likanena za kutupa mapazi, yankho lanu litembenuke lonse: kumutumiza kukalandira chithandizo kumabwera patsogolo, nkhani ya nsinjiro pambuyo. Kwa mwana wathu, lembani kuti palibe chomutumizira mwachangu ndipo sakufunika chiponde.

Chachitatu, onani njira ya mzere, osati dontho la lero

Apa ndi pamene ophunzira abwino amasiyana ndi ongoloweza. Pa tchati cha bungwe la WHO, mwana wamwamuna wa miyezi 8 wapakatikati amalemera makilogalamu 8.6, ndipo mzere wa -2, umene mwana akagwera pansi pake timati wapepuka poyerekeza ndi msinkhu wake, uli pa 6.9. Wathuyu ali pa 7.0. Ali pamwamba pa mzere, ndipo wina akhoza kulemba kuti akukula bwino n'kupitirira. Amene anawerenga miyezi 9 nayenso asochera mwa njira ina, chifukwa pa miyezi 9 mzere wa -2 uli pa 7.1, ndiye alemba kuti mwana wagwera pansi pa mzere pamene sanafikepo.

Onse awiri aphonya chimene buku la kusikelo likunena. Kuchokera Seputembala mpaka Disembala mwana wawonjezera magalamu 100 okha. Mwana wapakatikati amachoka pa 7.9 ali ndi miyezi 6 n'kufika pa 8.6 ali ndi miyezi 8, kusiyana kwa magalamu pafupifupi 700. Mzere wa mwana wathu wagona. Sanafike poti wanyentchera, koma akupita kumeneko, ndipo kugonako kwayamba pa nthawi imene anayamba phala ndiponso pamene mayi anayamba ntchito za kumunda. Lembani choncho: kulemera kwaima kwa miyezi yoposa iwiri, mwana ali pafupi ndi mzere wa -2. Ngati funso silinapereke utali wa mwana, onjezani kuti mukanamuyeza utali kuti muone kulemera kwake poyerekeza ndi utaliwo, ndiponso ngati wapinimbira.

Chachinayi, ikani zimene akudya pambali pa zimene ayenera kudya

Gawo ili ndi limene lili ndi malikisi ambiri, ndipo ndi limene ndimafuna kuti mulichedwerepo.

Yambani ndi bere. Pa msinkhu wa miyezi 6 mpaka 12, mkaka wa m'mawere umapereka theka la mphamvu zimene mwana amafuna, kapena kuposa. Phala limangowonjezera. Mwana amene akuyamwa kanayi kokha wataya gawo lalikulu la chakudya chake. Mawu a mayi akuti "mkaka wanga unachepa" musawatsutse, ndipo musawavomereze mwachisawawa. N'kutheka wachepadi, koma chifukwa chake si thupi la mayi. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira. Likakhala lodzaza kuyambira m'mamawa mpaka masana, limayamba kupanga wochepa. Mwana akakhuta tiyi, amayamwa mofooka, bere n'kuchepetsanso. Mukafotokoza mzere umenewu wa chifukwa ndi zotsatira zake, mwaonetsa kuti mankhwala ake ndi kuyamwitsa pafupipafupi, osati kugula mkaka wa m'chitini.

Kenako kangati pa tsiku. Mwana woyamwa wa miyezi 6 mpaka 8 amafunika kudya kawiri kapena katatu, ndi zotolatola kamodzi kapena kawiri ngati ali ndi chilakolako. Wathuyu amadya kawiri. Ndiye pa chiwerengero chokha wakwanitsa mlingo wotsikitsitsa, ndipo ngati funso likufunsani zimenezo mwachindunji, yankho ndi lakuti inde. Amene anamuika pa miyezi 9 alemba kuti ayi, poti kuyambira miyezi 9 mlingo wotsikitsitsa ndi katatu. Mwaona pamene masiku khumi aja akulumira.

Koma kudya kawiri phala lotani? Pano pali masamu ochepa amene amakometsa yankho. Pa miyezi 6 mpaka 8, zakudya zowonjezera ziyenera kupereka makalori pafupifupi 200 pa tsiku. Pa miyezi 9 mpaka 11 ndi 300, ndipo pa miyezi 12 mpaka 23 ndi 550. Mimba ya mwana wa msinkhu uwu imalowa mamililita pafupifupi 200 basi, ndipo pa chakudya chimodzi timayembekezera kuti adye theka la kapu ya mamililita 250. Phala lolimba bwino, lopereka makalori 0.8 pa galamu, theka la kapu limapereka makalori pafupifupi 100. Kawiri ndi 200, ndipo mlingo wakwana. Tsopano tiyerekeze kuti agogo athira madzi ambiri, ufa n'kukhala theka la umene ukanafunika. Theka la kapu lomwelo lipereka makalori 50, kawiri ndi 100. Mwana wakhuta, mimba yakwera, agogo akhutira kuti mdzukulu wadya, koma walandira theka la zimene amafuna. Vuto la phala lamadzi ndi limenelo: limadzaza malo ochepa amene alipo ndi madzi.

Muyeso wa kulimba kwa phala umene mayi angaugwiritse ntchito kunyumba ndi supuni. Akatunga n'kupendeketsa, phala likhale pa supuni, lisayenderere ngati thobwa. Lembani zimenezo m'yankho, chifukwa mawu akuti "phala lolimba" okha aliyense amawamva mwake.

Pomaliza kasinthasintha. Apa ambiri amasokoneza miyeso iwiri. Kuno kwathu timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Amenewa ndi olangizira mayi. Koma muyeso wa WHO ndi UNICEF wa 2021 wounikira kadyedwe ka mwana wa miyezi 6 mpaka 23 uli ndi magulu 8, ndipo mwana ayenera kudya kuchokera m'magulu osachepera 5 pa tsiku. Mkaka wa m'mawere ndi gulu palokha. Ena ndi awa: chimanga ndi zina zokhutitsa monga mbatata ndi chinangwa, nyemba ndi mtedza, mkaka wa ziweto ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka, nyama ndi nsomba, mazira, zipatso ndi masamba okhala ndi vitamini A wambiri, zipatso ndi masamba ena. Mafuta sali gulu pa muyeso uwu. Mabuku akale amanena magulu 4 mwa 7, chifukwa muyeso wa 2008 sunkawerengera bere. Onani kuti funso likufuna uti. Mwana wathu ali ndi magulu awiri okha mwa 8, bere ndi chimanga. Tiyi sawerengedwa paliponse.

Za tiyi nenani zinthu zitatu mwachidule: amatenga malo a mkaka, amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya, ndipo akubwera m'botolo, limene ndi lovuta kutsuka. Ayironi amene mwana amabadwa naye amakhala akutha pofika miyezi 6, ndipo phala la ufa woyera silingamubwezere. Choncho onjezani kuti mukanayang'ana zikhatho za mwana ngati zayera. Botolo ndi kutsegula m'mimba kuja muzilumikize, makamaka pokhala nyengo ya mvula.

Chachisanu, yamikani kaye, kenako langizani zochepa zotheka

Wochonga amayang'ana ngati mukudziwa kulankhula ndi mayi. Yambani ndi zimene akuchita bwino, ndipo zikhale zoona: akuyamwitsabe, wabwera kusikelo miyezi yotsatizana, ndipo wayamba kumupatsa chakudya china. Ndikaona yankho loyamba ndi mndandanda wa zolakwa za mayi, ndimadziwa kuti wolembayo sanakhalepo pa benchi ndi mayi wotopa wochokera kumunda.

Uphungu uchokere pakhomo pa mayiyo. Funso linatchula mtedza, nkhuku, mango ndi bonya ndi cholinga. Wophunzira wina analembapo kuti mwana azipatsidwa nyama ya ng'ombe yogayagaya ndi maapozi tsiku lililonse. Palibe cholakwika pa zakudyazo, koma mayi wathu sangazione. Yankho labwino limamveka chonchi, ngati mukulankhula naye:

"Mayi, mwachita bwino kupitiriza kuyamwitsa. Mkaka wanu sunaume, wangochepa chifukwa mwana akuyamwa kochepa. Muyamwitseni musananyamuke, mukangobwera, madzulo, ndi usiku nthawi iliyonse akafuna. Ngati n'kotheka mupite naye kumunda, kapena agogo akubweretsereni dzuwa likakwera. Zikakanika, mufinyire mkaka m'kapu yoyera yovundikira, agogo amumwetse ndi kapu m'malo mwa tiyi."

"Phala lake mupange la mgaiwa, lolimba losayenderera pa supuni. Likamapsa muthiremo supuni yaikulu imodzi ya nsinjiro, kapena supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Tsiku lina muswere dzira m'phalamo lipse bwinobwino. Tsiku lina musinje bonya wouma akhale ufa, musefe, muthiremo. Masamba a nkhwani kapena bonongwe ophika ndi kupota nawonso alowe. Azidya katatu pa tsiku, theka la kapu iyi nthawi iliyonse, ndipo pakati mumupatse bango lakupsa lofinya kapena nthochi yokanya."

Onani kuti muli miyeso, muli mayina a zakudya, ndipo muli kangati. Ndasankha katatu osati kawiri chifukwa mzere wa kulemera wagona, komanso chifukwa pakangotha masiku khumi mwanayu alowa gulu la miyezi 9 mpaka 11. Nenani zimenezo m'yankho: kuyambira pa 20 Disembala azidya katatu kapena kanayi, chakudya chisiye kukhala chopota chokhachokha, chikhale chodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, ndi zina zoti azitola yekha ndi zala monga kambatata kophika. Ndi malikisi amene ambiri amawasiya patebulo. Werengani tsiku limene mwakonzalo pa muyeso uja: bere, mgaiwa, nsinjiro, dzira kapena bonya, bango. Magulu asanu akwana popanda mayi kukwera basi kupita ku tauni.

Supuni yaing'ono ya mafuta imawonjezera makalori pafupifupi 40 popanda kuchulukitsa phala, n'chifukwa chake timaikonda. Koma mafuta okha alibe ayironi. Bonya, dzira, kapena kachiwindi ka nkhuku ikaphedwa ndi zimene zimatseka mpata umene chimanga chimasiya. Pa mtedza onjezani mzere umodzi wakuti asankhe, ataye wachuku ndi wofota, asunge pouma.

Kadyetsedwe kake nakonso kali ndi malikisi. Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti mayi aone zimene wadya. Womudyetsa akhale naye pansi, amuyang'ane, amulankhule, adekhe. Akakana asamugoneke chagada n'kumuthira phala m'kamwa, chifukwa akhoza kutsamwa ndipo amayamba kudana ndi chakudya. Manja asambidwe ndi sopo, a womudyetsa ndi a mwana yemwe, ndipo phala la m'mawa lisadikire pa mphika mpaka madzulo. Chifukwa mwanayu wangochira kumene ndipo sanabwezere thupi, nenaninso lamulo la mwana wodwala: akamadwala aziyamwa kwambiri ndi kudya pang'onopang'ono pafupipafupi, akachira awonjezeredwe chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri.

Ndipo agogo. Funso lawatchula kangapo, koma mayankho ambiri sawatchula n'komwe. Amene amaphika phala ndi iwo, amene amapereka tiyi ndi iwo. Mayi akhoza kuvomera zonse kusikelo, koma sangapite kukauza apongozi ake kuti akhala akulakwitsa. Lembani kuti mungapemphe agogo abwere nawo ulendo wotsatira, kapena kuti mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo akawayendere n'kuphika nawo phalalo limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, tsekani ndi buku la kusikelo ndi tsiku lobweranso

Gawo ili ndi lalifupi koma limaiwalika. Onani ngati mwana analandira vitamini A; wa miyezi 6 mpaka 11 amalandira mayuniti 100,000, ndipo kuyambira miyezi 12 ndi 200,000. Mankhwala a njoka za m'mimba sanafike, amayamba pa miyezi 12, choncho musawalembe kwa mwana uyu. Katemera wa chikuku woyamba ndi wa pa miyezi 9, ndiye mukumbutseni mayi. Abwerenso pasanathe sabata kuti mumve ngati phala lasintha ndi zimene zavuta, ndipo mwana ayezedwenso pakatha mwezi. Ngati kulemera sikukwera ngakhale kadyedwe kasintha, afufuzidwe matenda ena, kuphatikizapo HIV ndi chifuwa chachikulu.

Funso lomwelo likasinthidwa mzere umodzi

Olemba mayeso amakonda kutenga nkhani imodzi n'kusintha kanthu kamodzi. Njira ya mayankhidwe sisintha, koma uphungu umatembenuka.

Tiyerekeze kuti mwanayo ali ndi miyezi 4, amalira kwambiri, mayi akuti mkaka sukumukwana, ndipo agogo akufuna ayambe phala. Chilichonse chimene ndanena za nsinjiro ndi bonya chachoka. Mwana wosakwana miyezi 6 sapatsidwa phala, tiyi, ngakhale madzi, kutenthe bwanji. Zololedwa ndi mankhwala, mavitamini ndi madzi a ORS akalembedwa kuchipatala. Lamba wa pamkono uja malire ake sagwiranso ntchito pa msinkhu uwu. Ntchito yanu ndi kusonyeza ngati mkaka ukuchepadi. Kulira si umboni, bere kufewa si umboni. Umboni wodalirika ndi uwiri: mwana kuwonjezera magalamu osakwana 500 pa mwezi, ndi kukodza kosakwana kasanu ndi kamodzi pa tsiku mkodzo wake uli wachikasu kwambiri. Kenako funsani ngati akuyamwa kosachepera ka 8 usana ndi usiku, ndipo muone akuyamwa. Zizindikiro zinayi zoti wagwira bwino bere muzilembe zonse: kamwa latseguka kwambiri, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, chibwano chagunda bere, ndipo mbali yakuda ya bere ikuoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Musazisakanize ndi zinayi za kanyamulidwe, zimene ndi mutu ndi thupi kukhala mowongoka, mwana kuyang'ana bere mphuno italunjika nsonga, thupi lake kukhudza la mayi, ndi thupi lonse kugwiriziridwa. Funso likafuna kagwiridwe inu n'kupereka kanyamulidwe, malikisi anayi apita. Nenaninso kuti amalize bere limodzi asanapite kwina, chifukwa mkaka wakumapeto ndi umene uli ndi mafuta ambiri okhutitsa.

Tiyerekeze kuti mayi ali ndi HIV. Apa mabuku akale ndi amene amagwetsa anthu. Panali nthawi imene ankaphunzitsa kuti mayi wotere asiyitse mwana bere msanga akakwana miyezi 6. Malangizo amenewo anasiyidwa. Malawi anayamba mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, ndipo malangizo a WHO a 2016 amati mayi amene akumwa mankhwala mokhulupirika ayamwitse mwakathithi miyezi 6, apitirize kwa miyezi yosachepera 12, ndipo akhoza kufika miyezi 24 kapena kupitirira. Malangizo omwewo amati ngakhale mayi atasakaniza bere ndi zakudya zina mwana asanakwane miyezi 6, chimenecho si chifukwa chomusiyitsira bere ngati akumwa ma ARV. Mumuthandize kubwerera ku bere lokha. Choncho kwa mwana wathu wa miyezi 8, uphungu wa phala ndi womwe uja. Chowonjezera ndi kufunsa ngati mayi akumwa mankhwala tsiku lililonse, ngati anayezetsa kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, ngati mwana akumwa bakitirimu wake, ndi ngati anayezedwa. Kwa mwana wotere mzere wogona uja ndi chifukwa chomuyezera tsopano, osadikira tsiku lake la pa ndondomeko. Bere likatupa kapena nsonga ikang'ambika, mwana ayamwe bere linalo, mayi azifinya lodwalalo n'kutaya mkakawo mpaka lipole.

Tiyerekeze kuti mayi ali ndi pathupi pena. Kumudzi amati watumbiza, ndipo ambiri amakhulupirira kuti mkaka wawonongeka ndipo ungadwalitse mwana. Yankho ndi lakuti mkaka suwonongeka, apitirize kuyamwitsa, iye azidya mowonjezera ndi kuyamba sikelo ya amayi oyembekezera. Chimene chimadwalitsa mwana ndi kumuchotsa pa bere mwadzidzidzi n'kumusiya pa phala lamadzi lija.

Chomaliza, mwana sakuyamwa n'komwe, mwina mayi anamwalira ndipo akuleredwa ndi azakhali. Makalori 200 aja sakugwiranso ntchito, chifukwa anawerengedwa poganiza kuti bere likupereka gawo lalikulu. Mwana wotere wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amafunika kudya kanayi kapena kasanu pa tsiku, kuphatikizapo kapu imodzi kapena awiri a mkaka, ndi madzi aukhondo akumwa. Mkaka wake uti? Ambiri analoweza kuti mkaka wa ng'ombe ndi woletsedwa mpaka chaka. Malangizo a WHO a 2023 amati mwana wa miyezi 6 mpaka 11 amene sakuyamwa akhoza kupatsidwa mkaka wa m'chitini wa ana kapena mkaka wa ziweto wosachotsedwa mafuta, wowiritsa, ndipo kuyambira miyezi 12 mkaka wa ziweto ukwanira. Kwa wosakwana miyezi 6 mkaka wa ng'ombe suli m'malangizo amenewa. Ngati pepala lanu latsamira buku lakale, lembani yankho ndi chaka cha malangizo amene mukutsatira, monga "malinga ndi WHO 2023", kuti wochonga aone kumene mwalitenga. Ndipo poti mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa kwambiri, kwa mwana uyu bonya wosinja ndi chiwindi zilembedwe kuti zizilowa m'mbale mwake pafupipafupi, dzira tsiku limene nsomba palibe.